Chithunzi cha lisiti si ndalama: zoyenera kuona katundu asanakwere galimoto

Pamsika wa Ntaja, pa Nselema, ku Liwonde ngakhalenso ku Balaka, ogula matumba ambiri nthawi imodzi sayendanso ndi ndalama m'chikwama ngati kale. Ambiri amalipira kudzera pafoni, kuchotsa ndalama ku akaunti yawo ya kubanki kupititsa ku akaunti ya wogulitsa. Akamaliza amajambula zomwe zaoneka pafoni yawo, n'kuonetsa kapena kutumiza pa WhatsApp chithunzicho, chomwe ambiri amangoti sikirinishoti. Wogulitsa akaona dzina lake ndi chiwerengero cha ndalama, mtima umakhala pansi, anyamata n'kuyamba kukweza katundu.

Vuto lake ndi lakuti chithunzi chimenechi sichichokera kubanki ya wogulitsa. Chimachokera m'foni ya wogula, ndipo chithunzi chilichonse cha pafoni munthu akhoza kuchifufuta pena n'kulembapo zina, ntchito yosatha ndi mphindi zisanu zomwe. Phunziro la sabata ino likufotokoza malo amene chithunzi chosinthidwa chimadziulula, komanso pomwe maso amalephera n'kufunika njira ina.

Chitsanzo: matumba 12 a mpunga

Chitsanzochi ndi chongoyerekeza, koma njira yake ndi yomwe atsizinamtole amagwiritsa ntchito. Mayi wina ali ndi mpunga wopunthapuntha mushedi yake pa Ntaja. Tsiku la msika chakumadzulo kukubwera bambo wovala bwino ndi kagalimoto kahayala. Agwirizana matumba 12 pa mtengo wa K140,000 thumba limodzi, zonse pamodzi K1,680,000. Bamboyo sanenerera kwambiri. Apempha nambala ya akaunti, apatuka pang'ono ngati akufuna netiweki, ndipo patapita kanthawi abwerera.

“Mayi, ndatumiza. Imvani foni yanu ikulira. Nali lisiti lake.”

Foni ya mayiyo yaliradi m'chikwama. Pachithunzi pali dzina lawo lenileni, nambala ya akaunti yawo, tsiku la lero, nthawi ya pompano, mawu oti Successful ndi chiwerengero cha 1,680,000.00. Akasuzumira pafoni yawo mwachangu, dzuwa likuthobwa m'maso, akuona uthenga wa kubanki woyamba ndi manambala 1,680. Zonse zikuoneka kuti zili bwino.

Chimene chachitika ndi ichi: bamboyo watumizadi ndalama, koma K1,680 yokha. Wachita dala chomwechi kuti banki imupatse lisiti lenileni lokhala ndi dzina la mayiyo, komanso kuti foni yawo ilire. Nthawi yomwe anapatuka ija ndi imene wasintha 1,680.00 kukhala 1,680,000.00. Pachithunzi chonsecho, chabodza ndi mzere umodzi wokha. N'chifukwa chake wogulitsa amene amangoyang'ana dzina lake ndi mawu oti Successful amagwa m'mbuna mosavuta.

Poyambira ndi pa chiwerengero cha ndalama

Wosintha chithunzi amafuta manambala akale powapaka mtundu wofanana ndi wa kumbuyo kwake, kenako n'kulembapo ena. Ntchito ziwirizi, kufuta ndi kulemba, zonse zimasiya mapazi. Kuti mapaziwo aoneke, wogulitsa ayenera kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka manambala atadzaza foni, atakhala pamthunzi ndipo kuwala kwa foni kuli pamwamba.

Choyamba ndi maonekedwe a manambalawo. Pulogalamu ya banki imalemba manambala onse ndi kalembedwe kamodzi, kotero 6 wa pa ndalama ayenera kufanana mpangidwe ndi 6 wa pa tsiku kapena wa pa nambala ya akaunti, ngakhale wina atakhala wamkulu. Manambala amene amasiyana kwambiri pakati pa kalembedwe kena ndi kena ndi 1, 4, 6 ndi 9. Wina 1 amakhala ndi phazi pansi, wina alibe. Wina 4 ndi wotseka pamwamba, wina ndi wotsegula. M'chitsanzo chija, maziro atatu oonjezerawo akhoza kuoneka onenepa kapena akuda kwambiri kuposa ziro woyamba uja. Maziro a mumzere umodzi akapanda kufanana, ndiye kuti sanalembedwe ndi makina amodzi.

Chachiwiri ndi mzere umene manambalawo aimapo. Manambala a makina amaima pamzere umodzi ngati asilikali, ndipo mipata ya pakati pawo imakhala yofanana. Dzanja la munthu limaphonya pang'ono: nambala ina imakwera, ina imatsika, ina imathinana ndi inzake. Ngati palisiti lenileni chiwerengero chimakhala pakatikati pa foni, choonjezeredwa maziro chimapendekera mbali imodzi. Ngati mizere yonse imathera malo amodzi kumanja, mzere wosinthidwawo umapitirira kapena kuperewera. Kachizindikiro kolekanitsa masauzande nakonso kayenera kukhala pamalo ake, pakatha manambala atatu alionse, ndipo ngati mizere ina ikuthera ndi .00, mzere wa ndalama nawonso uyenera kutero.

Chachitatu ndi mtundu wa kumbuyo. Malo amene afutidwa kawirikawiri amaoneka ngati chigamba pa nsalu: oyera kwambiri kuposa malo oyandikana nawo, kapena otuwa pang'ono, nthawi zina okhala ndi m'mphepete mooneka ngati kabokosi. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp, zilembo zonse zimachita kachifunga kofanana m'mbali mwake. Choncho kachifunga pakokha si umboni wa chinyengo. Chokayikitsa ndi kusiyana: zilembo zina zonse zili ndi kachifunga koma chiwerengero chokha chili chakuthwa, kapena zina zonse zili zakuthwa koma pa ndalama pokha pali mbuu.

Malisiti ena amaonetsa ndalama kawiri, pamwamba ndi manambala akuluakulu, pansi pamodzi ndi yomwe banki yadula. Wosintha mwachangu amakonza pamwamba n'kuiwala pansi. Wogulitsa awerenge mizere yonse, aone ngati ndalama yotumizidwa kuphatikiza yodulidwa zikukwanadi chiwerengero chomwe chalembedwa kuti ndi zonse pamodzi.

Nthawi ndi tsiku

Si onse amatumiza kangachepe ngati bambo uja. Ena amatenga lisiti lakale, lomwe analipirira munthu wina mwezi watha kapena lomwe mnzawo anawatumizira, n'kusintha dzina ndi tsiku. Apa nthawi ndiyo imawagwiritsa.

Chithunzi chojambulidwa pafoni chimakhala ndi mawotchi awiri. Ina ndi nthawi yolembedwa palisiti, yomwe banki yaika. Ina ndi kawotchi kakang'ono ka pamwamba penipeni, pafupi ndi chizindikiro cha batire ndi cha netiweki, komwe kamaonetsa nthawi imene chithunzi chinajambulidwa. Munthu amajambula atamaliza kutumiza, kotero kawotchi ka pamwamba kayenera kufanana ndi nthawi ya palisiti kapena kupitirira ndi mphindi zochepa. Lisiti likanena kuti 15:42 pomwe kawotchi ka pamwamba kakuti 09:17, ndiye kuti chithunzi chinajambulidwa ndalama isanatumizidwe, zomwe sizingatheke. Nthawi zonse ziwirizo ziyeneranso kugwirizana ndi wotchi ya wogulitsa. Ngati nambala ya akaunti inaperekedwa 15:35, lisiti la 14:50 si la malonda amenewa.

Batire nalo limalankhula. Wogula ataima pomwepo, foni yake ili ndi moto wochepa, koma pachithunzi chomwe akuti wajambula pompano batire ladzaza, pali funso loti ayankhe. Chithunzi chodulidwa pamwamba, choti kawotchi sikakuoneka, chimafuna kusamala kwambiri. Komabe pano pali malire: mapulogalamu ena a mabanki amapanga okha lisiti loti munthu atumizire mnzake, ndipo lisiti lotere silikhala ndi kawotchi ka pamwamba. Kusowa kwa kawotchi si mlandu, kungoti kwachotsa mboni imodzi.

Tsiku liwerengedwe lonse, mwezi ndi chaka chomwe. Anthu ambiri amangoona nambala yoyamba. Ngati lisiti latchula dzina la tsiku, monga Mon kapena Sat, lifanane ndi kalendala, chifukwa wosintha deti amaiwala kusintha dzina la tsikulo.

Dzina, nambala ya akaunti ndi nambala ya lisiti

Dzina la wolandira liyenera kuoneka monga momwe banki inalembera potsegula akaunti, osati monga momwe anthu amamuitanira pamsika. Mayi amene akaunti yawo ili m'dzina la kwa makolo awo, koma chithunzi chikuonetsa dzina la pachikwangwani cha shopu kapena la amuna awo, ayenera kukayika: dzinalo walemba ndi munthu amene analiwerenga pakhomo kapena kulimva kwa anthu. Izinso zili ndi malire, poti pa njira zina zotumizira wotumiza amalemba yekha dzina la wolandira. Choncho dzina lolondola silitsimikiza kanthu, koma lolakwika ndi chenjezo.

Nambala ya akaunti iwerengedwe imodziimodzi, osati manambala omalizira okha. Nambala imodzi ikasiyana, ndalamayo yapita kwina kapena yabwerera kwa mwini wake, ngakhale lisiti litakhala lenileni.

Lisiti lililonse limakhala ndi nambala yakeyake, yomwe imalembedwa pa mawu monga Reference kapena Transaction ID. Wamalonda amene amalandira ndalama pafupipafupi angachite bwino kusunga m'foni lisiti limodzi lenileni la banki iliyonse, lomwe ndalama yake inafikadi. Pakabwera latsopano, aziika awiriwo pafupi. Nambala ya lisiti ya banki imodzi, pa njira imodzi yotumizira, imakhala ndi kutalika ndi kayambidwe kofanana. Yofupika, yotalika kapena yoyamba mwachilendo ndi yokayikitsa. Kufanizira kotereku kumaonetsanso ngati chizindikiro cha banki, mitundu ndi dongosolo la mizere zili m'malo mwake. Kulemba manambala amenewa m'kope la malonda kumathandizanso kugwira munthu amene wabweretsa lisiti limodzi kawiri, poti nambala imeneyi sibwerezedwa.

Mawu a pamwamba nawo awerengedwe bwino. Successful ndi osiyana ndi Pending, Processing, Submitted kapena Scheduled. Mawu anayi omalizawa akutanthauza kuti ndalama sinafike: ili m'njira, ikudikira, kapena yaikidwa kuti idzapite tsiku lina, ndipo yoikidwiratu tsiku wotumiza akhoza kuiletsa katundu atanyamuka. Palinso tsamba lomwe limabwera munthu asanatsimikize, lofunsa ngati zonse zili bwino. Limaonetsa dzina, akaunti ndi ndalama, ndipo ena amajambula limeneli n'kubwerera osatumiza. Pansi pake pakaoneka batani loti Confirm kapena Send, palibe chomwe chatumizidwa.

Foni ya wogula: chithunzi kapena pulogalamu?

Wogula akakhala pomwepo, pali mayeso apafupi. Wogulitsa apemphe mwaulemu kuti: “Achimwene, tatsegulani pulogalamu ya banki ija tione limodzi pa ndalama zomwe zatuluka lero.” Munthu woona mtima sizimuvuta. Amalowa yekha ndi nambala yake yachinsinsi, osaionetsa, n'kutsegula mndandanda wa zomwe watumiza. M'chitsanzo chija, mndandandawo ukadaonetsa 1,680.00.

Chithunzi chimadziwika msanga. Chikakhudzidwa ndi zala ziwiri chimakula chonse pamodzi ndi kawotchi kake, chikakankhidwira kumbali pamabwera chithunzi china, ndipo mabatani ake sagwira ntchito. Wogula amene akukana kutsegula pulogalamu, ponena kuti bando yatha kapena netiweki yathawa pomwe wangotumiza kumene ndalama pa netiweki yomweyo, wayankha kale funsolo.

Khalidwe lake limanenanso zambiri. Atsizinamtole amakonda nthawi imene wogulitsa watanganidwa, madzulo a tsiku la msika kapena kumapeto kwa sabata mabanki atatseka. Sanenerera mtengo. Amati dalaivala akufulumira, mdima ukugwa, Limbe ndi kutali. Ena sabwera n'komwe: amatumiza chithunzi pa WhatsApp, n'kutuma wakabaza kapena dalaivala wahayala amene sadziwa chilichonse. Kufulumira si umboni wa kuba, koma ndi chifukwa chokwanira choti wogulitsa achite zinthu modekha.

Pomwe maso amalekezera

Zizindikiro zonsezi zimagwira wakuba waulesi. Waluso amatha kupanga chithunzi chopanda chilema, ndipo kunja kuno kuli ngakhale mapulogalamu abodza otsanzira a mabanki. Chithunzi chikhoza kusonyeza kuti pali chinyengo, koma sichingatsimikize kuti ndalama yafika. Chotsimikiza ndi chimodzi: ndalama zomwe zili mu akaunti ya wogulitsa, ataona yekha, pafoni yake, kudzera njira yomwe wayamba yekha.

Izi sizifuna foni yapamwamba. Ngakhale kafoni kamabatani kamatha, bola mwini wake analembetsa kubanki yake. Wa National Bank amaimba *626#, wa Standard Bank *247#, wa FDH Bank *525#, wa NBS Bank *322#. Ngati ndalama yatumizidwa ku Airtel Money ndi *211#, ku TNM Mpamba ndi *444#. Pamenepo asankhe poonera ndalama zotsala kapena mndandanda wa zomwe zalowa posachedwa. Ngati pali ziwerengero ziwiri, chofunika ndi cha Available Balance, ndalama yomwe angathe kutapa pompano.

Kuti izi zithandize, wogulitsa ayenera kudziwa zomwe zinalimo malonda asanayambe. Mayi a mpunga aja anali ndi K215,000 m'mawa. K1,680,000 ikadalowa, akadapeza K1,895,000. Ataimba, apeza K216,680. Kuchotsera kwa mphindi imodzi kwapulumutsa matumba 12.

Uthenga wa SMS paokha sukwanira. Uwerengedwe wonse, maziro awerengedwe ndi chala, ndipo aone kumene wachokera. Uthenga wa banki umabwera ndi dzina la banki n'kulowa pansi pa mauthenga akale a bankiyo. Wochokera pa nambala wamba yoyamba ndi 08 kapena 09 walembedwa ndi munthu. Palinso chinyengo china: wogula amabwereka foni ya wogulitsa ngati akufuna kuimba, n'kusungamo nambala yake pansi pa dzina la banki, kuti uthenga wake uzioneka ngati wa kubanki. Foni ya malonda si yobwereketsa kwa mlendo. Ndipo ngakhale uthenga utaoneka bwino chotani, mawu omaliza ndi a balansi.

“Ndi banki ina, ifika mawa”

Apa ndi pomwe amalonda ambiri amagonjera, chifukwa mawu amenewa nthawi zina amakhala oona. Ndalama yochokera ku akaunti ina kupita ku ina m'banki imodzi kawirikawiri imafika pompo. Pakati pa mabanki awiri, kapena kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money ndi Mpamba, pali njira yachangu yomwe imatenga mphindi zochepa zinthu zikamayenda bwino. Koma pali njira inanso yomwe imadikira nthawi ya ntchito, moti yotumizidwa Loweruka madzulo ikhoza kuoneka Lolemba. Netiweki nayo imagwa.

Wogulitsa alibe njira yosiyanitsira ndalama yochedwa ndi ndalama yomwe kulibe. Choncho lamulo ndi limodzi kwa onse: katundu adikire ndalama. Mawu ake sayenera kukhala achipongwe. “Bambo, sindikukukayikirani ayi. Matumba anu ndi awa, ndalembapo dzina lanu, sindigulitsa kwa wina. Ikangolowa ndikuimbirani.” Wogula weniweni angadandaule za hayala, koma amamvetsa, ndipo akhoza kuimbira banki yake pomwepo, kapena kukatapa kwa ejenti n'kulipira pamanja matumba ochepa oti anyamule lero. Wakuba amakwiya, amaopseza kuti akagula kwina, kapena amapempha theka la katundu “poyembekezera”. Theka la matumba 12 ndi K840,000.

Lamuloli lidziwike kwa aliyense wotsala pashopu, kaya ndi mwana, mlamu kapena wantchito. Atsizinamtole amakonda kufika mwini wake atachoka, n'kuonetsa chithunzi kwa mnyamata amene sangathe kuona akauntiyo. Mnyamatayo asatulutse kanthu mpaka abwana ake atamuimbira okha kuti ndalama yalowa. Ena amalemba pakhoma kuti katundu amatuluka ndalama ikaoneka mu akaunti, ndipo chikwangwani chotere chimachotsa manyazi, chifukwa wogula amaona kuti si iye yekha akufunsidwa.

Palinso msampha wobwerera kumbuyo. Wina amaonetsa chithunzi cha ndalama yoposa mtengo, n'kunena kuti walakwitsa, amubwezere yapamwambayo pamanja kapena pa Mpamba. Wogulitsa akabweza asanaone akaunti, wataya katundu ndi ndalama zomwe.

Katundu akapita kale

Zikachitika, chithunzicho chisafutidwe, ngakhale mtima ukuwawa. Chisungidwe pamodzi ndi mauthenga onse, nambala ya foni ya wogula, nambala ya galimoto ndi nthawi yomwe inanyamuka. Wogulitsa adziwitse banki yake tsiku lomwelo ndipo akanene kupolisi yapafupi. Kutenga katundu wa munthu mwachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limalola kuti mauthenga a pafoni akhale umboni kukhoti. M'chitsanzo chija, K1,680 ija ndi phazi lomwe wakuba wasiya, chifukwa inachokera mu akaunti yokhala ndi dzina, ndipo apolisi akhoza kuilondola kudzera kubanki. Komabe mpunga ukafika m'tauni n'kutsanulidwa m'mabeseni, kuupeza n'kovuta.

N'chifukwa chake mphindi zofunika kwambiri ndi zija galimoto isanalize injini. Wogulitsa akulitse chithunzi, aone manambala, nthawi, dzina ndi mawu a pamwamba. Kenako, kaya chithunzicho chaoneka bwino kaya ayi, atulutse foni yake, aone balansi, achotsere. Masamu akakwana, anyamata akweze matumba.